Ulendo wa dola kuchokera kwa mwini ntchito wa kunja kufika m'manja mwa mlimi

M'miyezi ya chilimwe, pamene zokolola zalowa m'nkhokwe ndipo ntchito ya kumunda yachepa, mlimi wodziwa kulemba bwino Chinyanja ndi Chingerezi angathe kupeza ganyu pa intaneti. Mabungwe ndi makampani a kunja amafuna anthu omasulira timabuku ta ulimi, olemba mawu ojambulidwa pa misonkhano ya alimi, ndi olowetsa ziwerengero m'kompyuta. Mwini ntchito angakhale ku Britain kapena ku America, ndipo simudzaonana naye maso ndi maso. Funso lofunika kulidziwa musanavomere ganyu yotere ndi lakuti ndalama zake zidzayenda motani kuti zikupezeni ku Katete, ku Petauke kapena ku Lundazi.

Yankho lake lili ndi phunziro limodzi lalikulu. Mtengo umene mwagwirizana ndi mwini ntchito si ndalama zimene mudzagwire m'manja, ndipo tsiku limene mwamaliza ntchito si tsiku limene mudzalandire. Ndalamazo zimaima pa malo anayi, ndipo pa malo alionse zimatayapo masiku angapo ndi kagawo kena. Makolo anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Madola ooneka pa foni ali ngati fodya wa pachala. Pano titsatira ganyu imodzi kuyambira pa mgwirizano mpaka pa kutapa makwacha, kuti muthe kuwerengera nokha masiku ndi ndalama.

Malo anayi amene ndalama zimaimapo

Titenga chitsanzo cha Upwork, umene ndi msika wa pa intaneti wa ku America kumene eni ntchito amakumana ndi aganyu a m'mayiko ambiri. Malo oyamba ndi msikawo, umene umalandira ndalama kwa mwini ntchito n'kuzisunga mpaka ntchito itavomerezedwa. Malo achiwiri ndi kampani yonyamula ndalama pakati pa mayiko, ndipo m'chitsanzo chathu ndi Payoneer. Malo achitatu ndi banki yanu ya kuno ku Zambia, kumene ndalama zimafika zitasinthidwa kukhala makwacha. Malo achinayi ndi pamene mumatapira, kaya ndi pa makina a banki, kwa ejenti wa banki, kapena pa kabuthi ka Airtel Money kapena MTN MoMo.

Wina angafunse chifukwa chake mwini ntchito sangotumiza ndalama pa nambala yanu ya foni. Chifukwa chake n'chakuti inu ndi iye simudziwana. Iye akuopa kulipira ntchito imene sidzabwera, inunso mukuopa kugwira ntchito imene simudzalipidwa. Msika umakhala mkhalapakati wosunga ndalama kuti nonse awiri mukhale ndi pogwira, ndipo gawo limene umadula ndi mtengo wa ukhalapakati umenewo.

Zokonzeratu ntchito isanapezeke

Mavuto ambiri a ndalama zochokera kunja amabadwa pa tsiku lolembetsa, ngakhale amaonekera pa tsiku lotapa. Lamulo lake ndi lakuti dzina likhale limodzi pa malo onse. Dzina lolembedwa pa chitupa chanu cha NRC, chimene ambiri timachitcha reji, likhale lomwelo pa Upwork, pa Payoneer ndi ku banki, m'kalembedwe komweko. Ngati reji ili ndi mayina atatu koma ku banki munalembetsa awiri, kapena ngati pa msika munalemba dzina limene amakuitanani nalo kumudzi, kakonzeni zimenezi musanalandire kanthu. Makampaniwa amatsatira malamulo oletsa kuzembetsa ndalama, motero salola kuti ndalama za munthu mmodzi zilowe mu akaunti ya wina, ngakhale akhale mkazi wanu, mwamuna wanu kapena malume anu. Aliyense wolembetsa ayeneranso kukhala wa zaka 18 kapena kuposerapo.

Ku banki mudzafunika reji ndi nambala ya msonkho ya TPIN, imene imaperekedwa ndi bungwe la ZRA. Mukatsegula akaunti, pemphani kuti akulembereni pa pepala nambala yonse ya akaunti, dzina ndi nambala ya nthambi, komanso nambala ya SWIFT ya bankiyo. Nambala ya SWIFT imakhala ndi zilembo 8 kapena 11, ndipo chilembo chachisanu ndi chachisanu ndi chimodzi zimasonyeza dziko. Pa banki ya kuno zilembo ziwirizo ndi ZM. Samalani kuti nambala yaitali yolembedwa pa khadi lotapira ndalama si nambala ya akaunti. Funsaninso ngati mtundu wa akaunti yanu uli ndi malire a ndalama zolowa, pakuti maakaunti ena otsegulidwa mwachangu pa foni amakhala ndi malire otsika.

Polembetsa ku Payoneer adzafuna chithunzi cha chitupa, ndipo nthawi zina umboni wa kumene mumakhala. Kwa ife a kumidzi amene tilibe risiti ya magetsi kapena ya madzi, sitetimenti ya ku banki yosonyeza dzina ndi adiresi ndiyo imathandiza kawirikawiri, malinga ngati adiresiyo ikufanana ndi imene munalemba polembetsa. Posankha mtundu wa ndalama, kwacha yathu ndi ZMW. Imene imalembedwa MWK ndi kwacha ya ku Malawi, ndipo ZMK ndi kwacha yakale imene inasiya kugwira ntchito itasinthidwa mu 2013.

Pa Upwork pali zinthu ziwiri zomaliza. Choyamba ndi fomu ya msonkho ya boma la America yotchedwa W-8BEN, imene imangotsimikiza kuti inu simuli nzika ya dzikolo kapena wokhoma msonkho kumeneko. Popanda kuilemba simungatulutse ndalama. Chachiwiri ndi kulumikiza njira yolandirira. Njira yatsopano iliyonse imadikira masiku atatu isanayambe kugwira ntchito, pofuna kuti ngati wakuba ndiye wailumikiza, mwini akaunti apeze nthawi yozindikira. Choncho ilumikizeni pa tsiku loyamba, osati pa tsiku limene mukufuna ndalama. Njira zimene zikuoneka pa akaunti yanu ndizo zololedwa kwa munthu wokhala kuno. Za M-Pesa zimene mungamve kwa aganyu ena ndi za ku Kenya.

Malo oyamba: ndalama m'manja mwa msika

Tiyerekeze kuti mnzathu wina wapeza ganyu yomasulira kabuku ka kasungidwe ka soya kuchokera m'Chingerezi kupita m'Chinyanja, ndipo bungwe la kunja lavomera kulipira madola 300 pa ntchito yonse. Mgwirizano wotere, wa mtengo wokhazikika, umagawidwa m'zigawo. Mwini ntchito amayenera kuika ndalama za chigawo m'manja mwa msika ntchito isanayambe. Ndalamazo zachoka kwa iye koma sizinafike kwa inu, zili pakati.

Apa ndi pamene chitetezo chanu chonse chagona. Musanalembe liwu ndi limodzi lomwe, tsegulani mgwirizanowo muone ngati chigawo chimene mukuyamba chili ndi ndalama zoikidwa kale, ndipo onani kuti ndi zingati. Zimachitika kuti mtengo wa ntchito yonse ndi madola 300, koma mwini ntchito waika madola 100 okha a chigawo choyamba. Zikatero, msika ukukutetezani pa madola 100 amenewo basi. Mukamasulira kabuku konse n'kukatumiza, iye n'kuzimiririka, madola 200 otsalawo mulibe powafunsa. Gwirani ntchito ya chigawo choyamba, mulandire, ndipo dikirani kuti aike ndalama za chigawo chachiwiri musanapitirize. Lonjezo lolembedwa m'mauthenga lakuti ndalama zibwera mawa silikutetezani.

Mukamaliza, tumizani ntchitoyo podina batani lotumizira ntchito la mu mgwirizano, osati kungoiponya m'mauthenga. Kusiyana kwake n'kwakukulu, chifukwa batanilo ndilo limayambitsa kuwerenga masiku. Kuchokera pamenepo mwini ntchito ali ndi masiku 14 oti avomereze kapena apemphe kuti mukonze pena. Akangokhala chete masiku onsewo, msika umamasula ndalama wokha. Akapempha kuti mukonze, masiku 14 aja amayambanso kuwerengedwa pamene mwatumizanso. Koma mukatumiza ntchito m'mauthenga mokha, palibe tsiku limene likuwerengedwa, ndipo mungadikire mpaka mvula kugwa.

Ntchito ikavomerezedwa, ndalama zimadikiranso masiku asanu, nthawi imene msika umatsimikiza kuti malipiro a mwini ntchito adutsa bwino ndipo sadzabwezedwa. Pa akaunti yanu mungaone pamene ndalama zafika mwa mawu anayi. Zolembedwa pansi pa Work in Progress ndi za ntchito imene mukugwirabe. Za pansi pa In Review zikudikira mwini ntchito. Za pansi pa Pending zavomerezedwa koma zili m'masiku asanu aja. Za pansi pa Available ndi zokhazo zimene mungatulutse. Musakongole mbewu kapena feteleza podalira ndalama za m'magulu atatu oyambawo.

Gawo la msika limadulidwa panthawi yomweyi. Kuyambira mu 2023 Upwork inkadula 10 peresenti pa mgwirizano uliwonse, ndipo mu 2025 inasintha kuti gawolo lizisiyana malinga ndi ntchito, kufika pa 15 peresenti. Chiwerengero chake chimaonekera pamene mukulemba mtengo wanu, pamodzi ndi ndalama zimene zidzakutsalireni, choncho chiwerengeni musanatumize pempho. M'chitsanzo chathu titenga 10 peresenti. Pa madola 300 msika watenga 30, mnzathu watsala ndi 270. Misika ina ili ndi malamulo akeake. Fiverr, mwachitsanzo, imadula 20 peresenti ndipo imasunga ndalama za aganyu ambiri masiku 14 ntchito itavomerezedwa.

Palinso mgwirizano wolipira pa ola. Pamenepo mumagwira ntchito mutayatsa pulogalamu ya pa kompyuta yowerenga nthawi, imene imajambula zimene mukuchita kamodzi m'mphindi 10 zilizonse. Mlungu wa ntchito umatha pakati pa usiku wa Lamlungu pa nthawi ya UTC, imene kuno ndi 2 koloko ya usiku kucha kwa Lolemba, ndipo ndalama zimamasuka Lachitatu la mlungu wachiwiri, patapita masiku 10. Maola olemba pamanja, pamene pulogalamuyo sinali kuyenda, satetezedwa ngati mwini ntchito awakana. Kwa munthu wokhala kumene magetsi ndi netiweki zimadukaduka, mgwirizano wa mtengo wokhazikika ndiwo wosavuta kuusamala.

Malo achiwiri: pamene dola limasanduka kwacha

Ndalama zikalowa pansi pa Available, mumazitumiza ku Payoneer. Pamakhala kamtengo kokhazikika pa kutumiza kulikonse, kaya mukutumiza zambiri kapena zochepa. Tiyerekeze kuti ndi madola awiri, ndiye kuti ku Payoneer kwafika madola 268, kawirikawiri pasanathe masiku awiri. Kufikira pano ndalamazo zikadali madola. Zimasinthidwa pamene mwalamula kuti zipite ku akaunti yanu ya makwacha.

Pa kusinthaku ndi pamene ndalama zimatayika mosaoneka. Mtengo wa dola umene mumamva pa wailesi, kapena umene Bank of Zambia imalengeza tsiku lililonse la ntchito, ndi mtengo wa pa msika wa ndalama. Kampani yonyamula ndalama imakupatsani mtengo wotsikirapo, ndipo kusiyanako ndiko phindu lake. Nthawi zambiri sikuoneka ngati ndalama yodulidwa payokha, kumangobisala mu mtengo wa dola. Njira yokudziwira ndi yosavuta. Musanatsimikize kutumiza, foni imakuonetsani makwacha amene adzafike ku banki. Gawani makwachawo ndi madola amene mukutumiza, ndipo yankho muliyerekeze ndi mtengo wa tsikulo.

Pofuna kuti masamu akhale osavuta, tiyerekeze kuti tsikulo dola lili pa K25, ndipo kampani yatsitsa mtengo ndi 2 peresenti. Ndiye kuti dola lililonse likusinthidwa pa K24.50. Madola 268 pa mtengo umenewo ndi K6,566. Manambala awa a mtengo wa dola ndi ongophunzirirapo. Inu mudzaike a tsiku limene mukutumiza.

Popeza kamtengo kotumizira ndi kokhazikika, kutulutsa ndalama pang'onopang'ono kumadya zambiri. Madola awiri pa madola 270 safika 1 peresenti, koma madola awiri pa madola 20 ndi 10 peresenti yathunthu. Ndi bwino kusonkhanitsa malipiro a maganyu angapo n'kutulutsa kamodzi. Dziwaninso kuti Payoneer imaika malire a ndalama zochepetsetsa zimene mungatumize ku banki, ndiponso imadula malipiro a pachaka ku akaunti imene yalandira ndalama zochepa m'miyezi 12. Munthu wogwira ganyu imodzi kapena ziwiri pa chaka ayenera kuwerenga mndandanda wa mitengo yawo polembetsa, kuti asadzadabwe poona madola osungidwa atachepa.

Pali njira inanso yotumiza madola kuchokera ku msika molunjika ku banki kudzera pa SWIFT. Mtengo wake ndi madola makumi angapo pa kutumiza kumodzi, ndipo mabanki a pakati amene ndalama zimadutsamo angadulenso gawo lawo. Njira imeneyi imayenera malipiro aakulu, osati a madola 270. Ngati akaunti yanu ikuonetsa njira yotumiza makwacha molunjika ku banki ya kuno, iyerekezeni ndi ya Payoneer poona chinthu chimodzi chokha: makwacha amene adzafike pa madola omwewo tsiku lomwelo.

Malo achitatu ndi achinayi: banki ndi potapira

Kuchokera ku Payoneer kufika ku banki pamatenga masiku a ntchito awiri mpaka asanu. Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi sawerengedwa. Mabanki ena amadula kanthu pa ndalama zolowa kuchokera kunja, ndipo ena amaimba foni kufunsa kumene ndalama zachokera ndi chifukwa chake. Funso limeneli si mlandu, ndi udindo wawo. Yankhani kuti ndi malipiro a ntchito yomasulira, ndipo khalani ndi umboni. Sungani chithunzi cha mgwirizano, lipoti la malipiro la pa msika ndi risiti ya Payoneer. Mapepala omwewo ndi amene mudzafunike pofotokoza za ndalamazi ku ZRA, pakuti fomu ya W-8BEN ija ikukhudza boma la America lokha ndipo sikumasulani ku msonkho wa kuno.

Ndalama zikalowa, mungatape pa makina kapena kwa ejenti wa banki, kapena mungazisamutsire ku nambala yanu ya foni n'kukatapa pa kabuthi ka pafupi. Njira yachiwiriyi imapulumutsa ndalama ya basi yopita ku boma, koma kawirikawiri imadula kawiri, posamutsa ndi potapa. Nambala ya foni ilinso ndi malire a ndalama zimene ingasunge ndi zimene ingatulutse pa tsiku, ndipo ejenti wa kumudzi nthawi zina sakhala ndi makwacha okwanira kupereka K6,000 nthawi imodzi. Ngati ndalamazo n'zogulira feteleza, funsani wogulitsa ngati amalandira malipiro a pa foni kapena a khadi, kuti mupewe mtengo wotapira.

Tiyerekeze kuti zodula zonse za ku banki ndi za potapa zakwana K100. Mnzathu uja wagwira K6,466.

Kuwerengera chobwerera m'mbuyo

Pa tsiku la mgwirizano mnzathuyo akanachulukitsa madola 300 ndi K25 n'kuyembekezera K7,500. Zimene wagwira ndi K6,466, kutanthauza kuti K1,034 yatsala m'njira. Pa kwacha iliyonse imene ankayembekezera walandira ngwee 86. Palibe amene wamubera, koma akanapanda kudziwa, bajeti yake ya munda ikanaperewera.

Mlimi wodziwa ntchito yake saika mtengo wa tomato asanawerengere mtengo wa bokosi, wa galimoto ndi wa malo pa msika. Ganyu ya pa intaneti imafuna nzeru yomweyo, kuyambira pa ndalama zimene mukufuna kugwira n'kubwerera m'mbuyo. Ngati mukufuna K7,500 m'manja, onjezani K100 ya potapa, ikhale K7,600. Gawani ndi K24.50, mupeza madola pafupifupi 310. Onjezani madola awiri otumizira, akhale 312. Popeza msika umakusiyirani magawo 9 pa magawo 10, gawani 312 ndi 0.9, mupeza madola pafupifupi 347. Ndiye kuti mtengo woyenera kutchula ndi madola 350, osati 300.

Masiku nawonso awerengereni chobwerera. Tinene kuti mnzathu watumiza ntchito pa 1 Okutobala. Mwini ntchito akavomereza tsiku lotsatira, ndalama zimamasuka pa 7, zimafika ku Payoneer cha pa 9, ndipo ku banki cha pakati pa mwezi. Koma akangokhala chete, msika udzamasula ndalama pa 15, masiku asanu adzatha pa 20, ku Payoneer zidzafika cha pa 22, kenako padzalowa tchuthi cha ufulu cha pa 24 Okutobala ndi mapeto a mlungu, ndipo ku banki zingafike kumapeto kwenikweni kwa mwezi. Ntchito yomweyo ingalipidwe patatha milungu iwiri kapena patatha mwezi wathunthu. Wofuna kuti feteleza wokulitsa ndi mbewu zikhale pakhomo mvula ya Novembala isanagwe atenge nthawi yaitaliyo ngati yoona, ndipo amalize ganyu yake mwezi wa Seputembala usanathe. Kupempha mwini ntchito mwaulemu kuti avomereze msanga akaona kuti ntchito ili bwino n'kololedwa, ndipo kungachotse milungu iwiri pa kudikira.

Ndalama zikachedwa, yambani mwapeza pamene zaima

Ndalama zikapanda kufika, musathamangire ku banki kapena kudandaulira mwini ntchito musanadziwe malo amene zaima. Ngati zikadali pansi pa In Review kapena Pending, sizinachoke pa msika, ndipo chofunika ndi kudikira. Ngati zili pansi pa Available koma zikukana kutuluka, onani ngati fomu ya msonkho inalembedwa, ngati masiku atatu a njira yatsopano atha, kapena ngati msika ukufuna kuti mutsimikize kuti ndinu ndani. Ngati zachoka pa msika koma sizikuoneka ku Payoneer, kawirikawiri pamakhala uthenga wopempha chitupa kapena umboni wa adiresi umene simunauyankhe.

Ngati Payoneer ikuonetsa kuti inatumiza koma patha masiku a ntchito oposa asanu, tengani risiti yosonyeza nambala ya katumizidweko, tsiku, ndi kuchuluka kwa makwacha, mupite nayo ku nthambi ya banki yanu. Popanda nambala imeneyo wa ku banki alibe poyambira kufufuza. Chimene chimagwetsa ndalama pamenepa nthawi zambiri ndi dzina losafanana, nambala ya akaunti yolakwika, kapena akaunti imene inagona chifukwa chosagwiritsidwa ntchito kwa miyezi yambiri. Ndalama zokanidwa zimabwerera kumene zinachokera, koma zingatenge milungu ndipo zingabwerere zitachepa. N'chifukwa chake n'kwanzeru kuyamba mwatumiza ndalama zochepa zololedwa pa ulendo woyamba, kuti muone ngati njira yonse ili yotseguka.

Mmene mungazindikirire wakuba

Akuba a pa intaneti amadziwa kuti waganyu watsopano amawawidwa mtima ndi gawo limene msika umadula, ndipo amalowera pomwepo. Mwini ntchito wonyenga amati tichoke pa msika tikapangane pa WhatsApp kapena pa Telegram, kuti mulandire ndalama zonse. Mukavomera, mwataya mkhalapakati, ndipo mwaphwanyanso lamulo la Upwork loletsa kulipirana kunja kwa msika ndi munthu amene munakumana naye pamenepo kwa zaka ziwiri zoyamba. Chilango chake chingakhale kutsekedwa kwa akaunti.

Msampha wachiwiri ndi uthenga wooneka ngati wachokera ku banki kapena ku kampani yonyamula ndalama, wonena kuti malipiro anu afika koma muyambe mwatumiza kandalama kuti amasulidwe. Mwaona m'nkhaniyi kuti zodula zonse zoona zimachotsedwa pa ndalama zimene zikubwera. Palibe malo ndi amodzi omwe pamene waganyu amatumiza ndalama zake kuti alandire malipiro. Wachitatu ndi wa munthu wonena kuti wakulipirani mopitirira mwangozi ndipo mumubwezere zotsala, pamene malipiro akewo ndi abodza kapena ndi a khadi lobedwa ndipo adzabwezedwa. Wachinayi ndi wa munthu wopempha kubwereka akaunti yanu kuti azigwiriramo ntchito n'kumakupatsani kanthu pa mwezi. Chilichonse chimene adzachite chidzalembedwa pa dzina lanu ndi pa reji yanu.

Pa misampha yonseyi muyeso ndi umodzi. Chithunzi cha risiti chimene munthu wakutumizirani, kapena uthenga wa pa foni, si umboni wa malipiro. Tsegulani nokha akaunti yanu ya pa msika, ya Payoneer kapena ya ku banki, osadina pa zimene wina wakutumizirani, muone ngati ndalamazo zilimo. Ndipo nambala zachinsinsi zimene zimabwera pa foni polowa mu akaunti musapatse munthu aliyense, ngakhale wonena kuti ndi wogwira ntchito ku kampaniyo. Popeza nambala zimenezi zimabwera pa simu khadi yanu, lembetsani simuyo m'dzina lanu, ndipo musaisiye nthawi yaitali osaigwiritsa ntchito mpaka kampani ya foni kuipereka kwa wina.

Tikulangiza kuti aliyense woyamba ganyu zotere apatule tsamba m'buku lake la munda. Pa ganyu iliyonse alembe tsiku lotumiza ntchito, tsiku limene ndalama zinamasuka, tsiku limene zinalowa ku banki, madola a mgwirizano, mtengo wa dola umene anapatsidwa, ndi makwacha amene anagwira. Pakatha maganyu atatu, tsamba limenelo lidzakhala litamuuza masiku enieni ndi gawo lenileni limene njira yake imadya, ndipo mtengo wa ganyu yachinayi adzautchula akudziwa chimene chidzafike pakhomo.